Malipiro Oyamba a Adumbu

Anthu akamandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira sukulu amakhala ali nalo kale yankho lawo. Amadikira ndinene kuti mimba. Ndikati ayi, amati ndiye munalephera mayeso. Sindinalepherepo mayeso ine. Ndinasiya sukulu chifukwa banja lonse linakhulupirira nambala yapamwamba pa pepala la malipiro, pamene ndalama yeniyeni imalembedwa pansi.

Kwathu ndi kwa Mphamba. Adada ankalima chimanga ndi fodya pang'ono. Mwa ana onse, amene tinapitirira Giredi 7 tinali awiri: mlongo wanga wamkulu, amene ndimawatcha adumbu monga timachitira kwathu, ndi ineyo. Chaka chimene ndinalowa Giredi 10 pa sekondale yogonera komweko, adumbu anali atangomaliza kumene koleji ya uphunzitsi, ndipo kolejiyo inali itakolopa m'nyumba mwathu. Ndinaphunzira temu yoyamba pa ngongole. Yachiwiri itangoyamba anandibweza.

Ahedi sanali munthu woipa. Anandiitanira mu ofesi n'kunena mosabisa. "Mutu uli nawo, mwana iwe. Ubwere Januwale udzabwereze Giredi 10. Koma tsiku lotsegulira ubwere ndi K100 ya ngongole ndi K100 ya temu yatsopano. Ukapanda kutero malo ndipatsa wina. Odikira ndi ambiri."

Kuwonjezera yunifomu, nsapato, makope ndi sopo, zonse zimakwana K320. Nambala imeneyo ndinkapita nayo kumunda, ndinkapita nayo kumjigo.

Mu Juni adumbu anawatumiza kukaphunzitsa pa pulayimale ina kwa Magodi. Ntchito anayamba, koma malipiro ayi. Dzina lawo linali lisanalowe m'makina a ku Lusaka, ndipo ankati kwa aphunzitsi atsopano zimatero. Mwezi ukatha ankapalasa njinga kupita ku boma, kumeneko n'kuwapatsa adivansi ya K250 kuti asafe ndi njala. Pobwerera ankadzera kwathu ndi shuga, sopo, parafini. Ulendo wina anathandiza adada kugula feteleza. Tinkalandira ndi manja awiri. Palibe anafunsa kuti adivansi ndi chiyani.

M'nyumba mwathu munabadwa mawu atsopano: zikadzabwera zonse pamodzi. Denga likadontha, zikadzabwera zonse pamodzi. Ine ndikakwinya nkhope, zikadzabwera zonse pamodzi. Ndinafika podana nawo mawuwo, komabe ndinkawakhulupirira.

Kumapeto kwa Okutobala adumbu anafika akumwetulira. A ku ofesi anali atawauza kuti dzina lalowa, Novembala alandira za miyezi yonse isanu ndi umodzi. Anatola kamtengo n'kulemba pansi pabwalo. Malipiro K420, alawansi ya kumudzi K30, pamodzi K450. Kuchulukitsa ndi miyezi isanu ndi umodzi, K2,700.

"Achotsako pang'ono za msonkho," anatero.

Adada mawu akuti pang'onowo anawamva, koma anawataya. Anatola K2,700.

Kwathu malipiro oyamba sadya mwini wake. Amabwera nawo kumudzi, amawaika pamaso pa bambo, bamboyo n'kugawira onse amene anathandiza kulera mwanayo. Amati ukawadya wekha ntchito siikukhalitsa. Vuto ndi lakuti adada sanadikire ndalama. Anayamba kugawa ndi pakamwa. Asibweni, alongo awo a amama, anali atatibwereka K300 nthawi ya koleji. Anawatumizira mawu kuti Novembala akatha adzatenge zawo. Ankhazi, alongo awo a adada, amene anasunga adumbu ali ku pulayimale, anawalonjeza bulangete la m'sitolo. Amama, chitenje ndi nsapato. Nyumba, malata. Ine, K320, ndipo anazinena pamaso pa anthu potuluka m'tchalitchi.

"Uyu akubwerera kusukulu. Amene mumamuyang'ana ndi diso la ukwati, pepani."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Tsiku la malipiro adada anandituma ku boma kuti ndikakumane ndi adumbu, tikagule bulangete la ankhazi ndi nsalu ya yunifomu yanga. Pa chipata cha msika anyamata a chipani anandifunsa khadi la chipanicho, ndinawaonetsa la amama n'kudutsa. Pa sitolo ya boma panali mzere wautali wa mafuta ophikira. Ndinauyang'ana monyada, poganiza kuti lero ifenso tili ndi choimira pa mzere.

Ndinawapeza adumbu atakhala pa muzu wa mtengo wa mango kuseli kwa maofesi, njinga itagona pansi. M'manja anali ndi kapepala kopyapyala, kosindikizidwa ndi inki yofooka.

"Monire, adumbu."

"Monire. Khala pansi."

"Ndikhalirenji? Masitolo atseka."

"Ndati khala pansi."

Anatulutsa envelopu m'thumba la malaya n'kundipatsa. Inali yopepuka. Ndinawerenga kawiri. K540 ndi mangwe makumi atatu.

"Zina zili kuti?"

"Ndi zomwezo."

"Musandipusitse. Mwasiya ku positi? Kapena kuli kamkazi kwa Magodi?"

"Pakamwa pako padzakuphetsa. Tenga pesilipi iyi uwerenge wekha. Suja umati masamu ndi ako?"

Ndinaitsomphola. Ndinali ndisanaonepo pesilipi. Pamwamba panali dzina lawo, nambala yawo ya ntchito, mwezi, ndi sikelo ya malipiro. Pansi pake pepala linagawika pawiri. Adumbu analoza ndi chala chokhala ndi choko m'chikhadabo.

"Kumanzere ndi zimene akukupatsa. Kumanja ndi zimene akukulanda. Yamba kumanzere, usalumphe mzere."

Mzere woyamba unali malipiro a Novembala, K420. Wachiwiri unali maariyazi, ndiye kuti malipiro a miyezi isanu imene sanalandire, K2,100. Wachitatu unali alawansi ya kumudzi ya miyezi yonse, K180. Ndinawonkhetsa pamtima.

"K2,700. Ndi iyi apa. Ndiye akupatseni."

"Imeneyo amati gulosi. Ndi ndalama imene ndagwirira ntchito, asanachotsepo kanthu. Palibe munthu amene anaigwirapo m'manja gulosi, ngakhale ahedi athu. Pita kumanja."

Kumanja mzere woyamba unali penshoni, K182.70.

"Amachotsa K30.45 mwezi uliwonse, pa malipiro okha, alawansi saikhudza. Chulukitsa."

Ndinachulukitsa ndi zisanu ndi chimodzi. Zinagwirizana mpaka ngwe yomaliza.

"Imeneyo ndi yanga ndithu, akundisungira. Ndidzaipeza ndikadzakalamba."

"Muwauze kuti mwakalamba kale."

Sanaseke. Wachiwiri unali msonkho, K378.

"Mumati pang'ono. Uku ndi pang'ono?"

"Pa mwezi ndi K63. Ndinkaganiza za mwezi umodzi, ndinaiwala kuti miyezi ikabwera pamodzi msonkho wakenso umabwera pamodzi. Amayamba achotsa penshoni, n'kusiyanso gawo lina limene salikhudza, chotsalacho ndiye amachidula msonkho. Wokwatira ndi wa ana gawo losakhudzidwalo limakula. Ine ndine mbeta, ndiye langa ndi laling'ono."

"Nanga ine? Simunawauze kuti muli ndi mlongo wofuna fizi?"

"Pa pepala ili iwe palibepo."

Wachitatu unali lendi, K315. Apa ndinaganiza kuti ndawagwira akuba.

"Lendi ya chiyani? Ya kanyumba ka mileme kaja? Kopanda ndi loko komwe?"

"Ndi nyumba ya boma. Mileme kaya palibe mileme, K52.50 pa mwezi. Ndakhalamo kuyambira Juni osalipira, lero atenga zonse."

Kenaka panali timizere tiwiri. Bungwe la aphunzitsi, K4 pa mwezi, pamodzi K24. Levi ya khonsolo, K10. Timeneti ndinangotidutsa. Maso anga anali atafika kale pa mzere womaliza, chifukwa nambala yake inali yaitali kuposa zonse: K1,250.

"Ichi n'chiyani?"

"Adivansi."

"Ija ankakupatsani?"

"Sankandipatsa. Ankandibwereka pa malipiro anga omwe. K250 kasanu. Malipiro akatuluka amabweza okha, asanakufunse."

"Yonse tsiku limodzi? Sakanamachotsa pang'onopang'ono?"

"Ndafunsa. Akalaliki ati popeza maariyazi abwera onse, adivansi nayonso ibwezedwa yonse. Ati ndi ndalama imodzimodzi, ndinangoyamba kuidya isanafike."

"Ndiye munaidya."

"Tinaidya. Shuga uja unkathira masupuni atatu unkati akuchokera kuti? Sopo? Feteleza ali m'munda wa adada?"

Ndinapempha bolopeni yawo n'kulemba pa mkono. K182.70, K378, K315, K24, K10, K1,250. Zonse pamodzi K2,159.70. Pa pepala, pansi pa mbali ya kumanja, panalembedwa nambala yomweyo. Ndinaichotsa pa K2,700. Inatsala K540.30. Pansi penipeni pa pepala, m'kabokosi, panali K540.30.

"Imeneyo amati neti," anatero adumbu. "Yopita nayo kunyumba."

Ndinabwereza katatu. Ndinkafuna cholakwika, ngakhale cha K5, kuti ndilowe mu ofesi muja ndikatukwane munthu. Panalibe. Makina a ku Lusaka amene anaiwala munthu miyezi isanu sanaiwale ngwe imodzi ya lendi.

"Chabwino," ndinatero. "Ndipatseni K320 yanga pompano. Zotsalazo mukapereke kwa adada."

"Ukudziwa kuti sizitheka. Ziyenera kufika zonse kwa adada, ndiwo mwambo."

"Nanga fizi yanga alipira ndani, mwambo?"

"Ndilinso ndi ngongole ya K120 pa golosale kwa Magodi. Mwini wake ndi kholo la mwana wa m'kalasi mwanga. Sindingamuzembe."

"Nanga za Disembala?"

Anatembenuza pesilipi n'kulemba kumbuyo. Mwezi wamba, wopanda maariyazi ndi adivansi: gulosi K450. Kuchotsa penshoni K30.45, msonkho K63, lendi K52.50, bungwe K4. Yotsala K300.05.

"Pa K250 ndinkalephera kufika kumapeto kwa mwezi, ndi chifukwa chake pali ngongole ya golosale. Ndikadzimana kwambiri, Disembala ndingakupatse K50."

Kotero uphunzitsi wonse umene tinaudikira, umene ndinakhalira panyumba, unkaposa adivansi ndi K50 ndi mangwe asanu.

Bulangete tinagula, K90, chifukwa ankhazi anali atafika kale kwathu ndipo sitikanalowa chimanjamanja. Nsalu ya yunifomu tinaidutsa. Adumbu anandikweza pa kaliyala n'kundiuza kuti ndigwiritse bulangete lisakhudze sipoko.

Tinapeza mphasa zitayalidwa pansi pa mtengo. Asibweni anali atavala jekete. Ankhazi anayamba nthungululu atangoona njinga. Amama anali atapha nkhuku. Adumbu anagwada, anaika bulangete ndi envelopu patsogolo pa adada, n'kubwerera m'mbuyo.

Adada anawerenga ndalamazo pang'onopang'ono, akunyowetsa chala. Atamaliza anasuzumira mu envelopu.

"Iyi ndi ya mayendedwe?"

"Ndi zonse, adada. Kuphatikiza K90 ya bulangete, zinali K540."

"Pabwalo pano unalemba zingati?"

"K2,700."

"Ndiye pakati apa padutsa fisi?"

Adumbu anayamba kufotokoza, koma ankazungulira. Ankati boma, ankati malamulo, ankati makina. Asibweni anatsokomola n'kunena moyang'ana kumbali kuti ana a masiku ano akalawa tauni amaphunzira kusunga matumba awiri. Ankhazi anati mwana wawo sanabepo ngakhale dzira. Adada nkhope inali itauma. Ndinaona kuti atsala pang'ono kunena mawu amene sangabwezedwe, ndipo kuzungulira kwa adumbu kunanditopetsa.

"Patseni pepalalo," ndinatero.

"Iwe, pano pali akulu," anatero amama.

"Akuluwo awerenge ndiye."

Palibe anatambasula dzanja. Ndinatenga pepalalo, ndinagwada n'kuwerenga mokweza, mzere ndi mzere, monga anandionetsera. Ndinanena kuti K2,700 ija ndi yoona, yalembedwa, koma ndi ya pamwamba. Ndinatchula penshoni, msonkho, lendi, bungwe, levi. Pa chilichonse ndinkanena chotsala. Nditafika pa adivansi adada anandiimitsa.

"Imeneyo ndi iti?"

"Ija ankabwera nayo mwezi ndi mwezi. Inali ngongole. Feteleza wanu ali mmenemo."

"Sinali mphatso ya boma, poti anawachedwetsa?"

"Boma linakupatsanipo mphatso liti, adada?"

Asibweni anaseka pang'ono, kenaka analeka. Adada anatenga pepalalo ngakhale Chingerezi sadziwa, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulibweza kwa adumbu ndi manja awiri.

"Mwanayu sanabise kanthu," anatero. "Nonse mwamva."

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Pakanakhala kuti adumbu abisa, bwenzi pali pokakumba. Ine ndemwe ndinali nditangotsimikizira onse kuti kulibe.

Adada anayala ndalama pa mphasa, K450 ndi timangwe. Anayamba ndi ankhazi, anawapatsa bulangete. Ankhaziwo anawomba m'manja, koma nthungululu sinabwerenso. Kenaka adada anawerenga K300 n'kuikankhira kwa asibweni.

Sindinathe kudzigwira.

"Asibweni, dikirani mpaka tikolole. Ndikupemphani. Mukatenga imeneyo ine sukulu yatha."

"Mwana wa mlongo wanga, ndikanadziwa. Adada ako atanditumizira mawu ndinakagwirizana ndi munthu zogula thole la ng'ombe. Ndinapereka kale theka, lotsala ndalonjeza Loweruka. Ndikalephera, theka lija lapita."

"Ndiye thole ndi ine, mwasankha thole."

"Tseka pakamwa," anatero adada, osakweza mawu. "Munthu uyu anatithandiza pamene ena ankatseka zitseko. Ndinamuitana ndine. Ukufuna abwerere ndi jekete lokha?"

"Inenso munandilonjeza. Pa tchalitchi, anthu akumva."

"Iwe ndiwe wa m'nyumba. Wa m'nyumba amadikira."

Asibweni anapinda ndalama n'kuika m'thumba la mkati. Sanandiyang'ane. Adada anapatula K120 ya golosale n'kupatsa adumbu, chifukwa mphunzitsi wothawa ngongole ndi manyazi a mudzi wonse. Za malata palibe anatchula. Amama anati chitenje ali nacho kale, chimene chinali bodza. Pa mphasa panatsala K30 ndi mangwe makumi atatu.

Adada anazitola n'kundiitana. Ndinagwada, ndinalandira, ndinati yewo. Mwambo umafuna kuti uthokoze.

Nkhuku inadyedwa. Ine ndinapita kukatsuka mbale zisanade n'komwe.

Disembala yense ndinayesa. Ndinapita kwa ankhazi, anandipatsa nkhuku imodzi, imene inafa ndi chitopa ndisanaigulitse. Ndinapempha adada agulitse ng'ombe imodzi mwa ziwiri zolimira. Anandifunsa ngati ndidzakoke pulawo ndine. Ndinafunsa adumbu ngati sangatengenso adivansi. Anati anapempha, koma a ku ofesi anawauza kuti amene wangolowa kumene pa malipiro ndipo alibe maliro kapena matenda adikire. Malipiro a Disembala atatuluka anabwera ndi K50 monga ananenera. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuwazungulira khosi. Ndinkafuna kuwakwiyira koma panalibe pogwira.

Tsiku lotsegulira ndinapitabe. Ndinavala yunifomu yakale yothina m'khwapa, K80 nditaimanga pa nsonga ya mpango. Pa ofesi panali mzere wa ana ndi makolo. Anzanga a chaka chatha, tsopano a Giredi 11, ankandikumbatira n'kumafunsa kuti ndigona m'nyumba iti. Ndinkati sindinadziwe.

Nditafika pa windo, akalaliki a sukulu anatsegula buku n'kupeza dzina langa.

"K200."

"Ndili ndi K80. Yotsala adumbu azipereka mwezi ndi mwezi. Ndi aphunzitsi, ali pa malipiro tsopano."

"Aphunzitsi? Amalandira zingati?"

"Gulosi kapena neti?"

Anakweza mutu n'kundiyang'ana koyamba.

"Neti, mwana wanga. Inenso ndimalandira pesilipi."

"K300."

Anapumira m'mwamba n'kupita kukaitana ahedi. Ahedi anabwera, anandipatsa moni ndi dzina, anamvetsera zonse osandidula. Kenaka analoza pa benchi, pamene panakhala mtsikana wina ndi bambo wake, sutikesi yatsopano ili pamiyendo.

"Awo abwera ndi zonse. Ndinakuuza chaka chatha, sindinakubisire. Ndikakulandira ndi theka, mawa onse abwera ndi theka, ndipo ana adya chiyani?"

Ndinati ndamva. Ndinayamba kumanganso mpango, koma akalaliki anali atatambasula kale dzanja.

"Ngongole ija ikadalipo. Ukasiya K80, itsala K20. Ukadzafuna kalata yosamukira sukulu ina, sitingakupatse buku lisanayere."

Sukulu ina iti, sindinafunse. Ndinamasula mpango n'kupereka. Anandilembera lisiti, anadinda, anandiuza kuti ndiisunge bwino. Kenaka anaitana wotsatira, ndipo bambo uja ndi mwana wake anaimirira.

Ndinatuluka pa geti belu la chakudya chamasana likulira. Ndalama yokwerera galimoto ndinalibe, ndiye ndinavula nsapato kuti zisathe, n'kuyamba kuyenda.